Mahedifoni otseka ndi otsekuka: ojambulira ndi ati, omikisira ndi ati?

Munthu akatchera khutu bwino chakumapeto kwa nyimbo ya Beautiful, yomwe Christina Aguilera adatulutsa m'chaka cha 2002, amamva kaphokoso kachilendo. Zoimbira zikachepa n'kutsala mawu a woimbayo, pansi pake pamamveka kugunda kwa ng'oma kochokera patali, kopyapyala, kosagwirizana kwenikweni ndi zomwe zikuimbidwa. Kugundako kudathawa m'mahedifoni omwe woimbayo adavala, n'kulowa m'maikolofoni limodzi ndi mawu ake. Dave Pensado, katswiri yemwe adamikisa nyimboyo, adakusiya dala, poona kuti kukugwirizana ndi nyimbo yonena za kudzilandira momwe munthu alili.

Nyimboyo idatchuka dziko lonse, koma ojambula nyimbo ambiri sakhala ndi mwayi wotere. Kaphokoso kothawa m'mahedifoni kamawononga ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo nthawi zambiri mwini situdiyo amakazindikira woimba atapita kale kwawo. Palinso vuto lina lomwe limabisala kuposa ili. Nyimbo imamveka bwino zedi m'mahedifoni a womikisa, koma ikangoikidwa m'galimoto kapena pa masipika a paukwati, besi imasowa, mawu a woimba amamira. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi, ndipo lili kuseri kwa kasipika komwe kamakhala pakhutu.

Kuseri kwa kasipika

M'chigoba chilichonse cha mahedifoni muli kasipika kokhala ndi kachikopa kopyapyala, kawirikawiri kotambalala mamilimita 40 kapena 45. Kachikopako kamapita kutsogolo ndi kumbuyo mofulumira, ndipo potero kamakankha mpweya mbali zonse ziwiri. Phokoso lakutsogolo limalowa m'khutu. Funso lomwe opanga mahedifoni amalimbana nalo ndi lakuti phokoso lakumbuyo lipite kuti.

Ena amatseka kumbuyoko ndi chigoba cholimba cha pulasitiki, chitsulo kapena mtengo. Awa ndi mahedifoni otseka, omwe pabokosi amalembedwa kuti closed-back. Phokoso silituluka kwambiri, ndipo lakunja sililowa kwambiri. M'gulu limeneli muli Sony MDR-7506, omwe adatuluka m'chaka cha 1991 ndipo akupangidwabe, Audio-Technica ATH-M50x, Beyerdynamic DT 770 Pro ndi Sennheiser HD 280 Pro.

Ena amasiya kumbuyoko kuli ndi sefa wa timabowo, kotero kuti munthu akasuzumira amakaona kasipikako. Awa ndi otsekuka, olembedwa kuti open-back. Kampani ya ku Germany ya Sennheiser ndiyo idayamba nawo m'chaka cha 1968 ndi mahedifoni otchedwa HD 414, ndipo lero odziwika m'masitudiyo ndi monga Sennheiser HD 600 a m'chaka cha 1997, HD 650, AKG K702 ndi Beyerdynamic DT 990 Pro. Munthu akavala amenewa amamva zonse zochitika m'chipinda, ndipo amene wakhala naye pafupi amamva nyimbo yomwe akumvetsera.

Kutseka kuli ndi mtengo wake. Aliyense amene adayankhulirapo m'ndowa yopanda kanthu akudziwa kuti mawu amabwerera atasintha, ena atanenepa, ena atafota. M'chigoba chotseka mumachitikanso zotere pang'ono: phokoso lakumbuyo limagunda khoma la chigobacho n'kubwerera pa kachikopa, ndipo mawu ena amakula pamene ena amachepa. Opanga amaikamo zinthu zofewa zomeza phokosolo, koma kulithetseratu n'kovuta. Mahedifoni otsekuka amalizemba vutoli polilola phokoso kutuluka, n'chifukwa chake ambiri mwa iwo amamveka mwachibadwa, makamaka pa mawu a munthu, gitala ndi piyano. Koma phokoso lotulukalo limapita kwa aliyense amene ali pafupi, kuphatikizapo maikolofoni.

Pojambula, maikolofoni nayo imamvetsera

Titenge chitsanzo cha situdiyo ya chipinda chimodzi, monga zambiri zomwe zili m'makomo ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Muli laputopu yokhala ndi FL Studio kapena Cubase, saundikhadi yaing'ono ya mtundu wa Focusrite Scarlett 2i2, ndi maikolofoni ya kondensa monga Audio-Technica AT2020. Mayi wina wabwera kudzajambula nyimbo yauzimu. Biti idapangidwa kale, ndipo poyambira nyimboyo pali piyano yokha, choncho wojambula wamuikira kiliki, kaphokoso ka "tiki, tiki" kosunga nthawi, kuti asathamange kapena kutsalira.

Mayiyo waima masentimita 15 kapena 20 kuchokera pa maikolofoni. Izi zikutanthauza kuti mahedifoni ake ali pamtunda wosaposa kwenikweni masentimita 30 kuchokera pa chida chomwe chidapangidwa kuti chizimva ngakhale kupuma kwa munthu. Phokoso limachepa ndi madesibelo pafupifupi 6 mtunda ukawirikiza kawiri, koma apa mtunda woti lichepere palibe.

Wojambula wochenjera sayamba ndi kuimbitsa. Amauza woimba kuti avale mahedifoni, aime pamalo pake, akweze voliyumu kufika pomwe akufuna, kenako akhale chete kwa masekondi 20 biti ndi kiliki zikulira. Amajambula chete ameneyo n'kuyang'ana mita ya pakompyuta. Pamitayo, 0 dB ndiye pamwamba penipeni, ndipo manambala onse a pansi pake amayamba ndi kachizindikiro kochotsera. Nambala ikamatalikira ziro, phokoso likuchepa.

Tiyerekeze kuti mawu a mayiyo akakwera amafika pa -12 dB, ndipo atavala mahedifoni otsekuka, chete uja waonetsa -45 dB. Manambalawa ndi ongofanizira, chifukwa situdiyo iliyonse imapeza ake, koma masamu otsatirawa sasintha. Pakati pa mawu ndi phokoso lothawa pali madesibelo 33, ndipo munthu womvetsera thiraki yosakonzayo anganene kuti palibe vuto.

Vuto limabadwa pokonza mawuwo. Pafupifupi nyimbo iliyonse ya masiku ano imadutsa m'kompuresa, chida chomwe chimapondereza mawu okwera kuti asasiyane kwambiri ndi otsika. Kompuresa ikapondereza malo okwera ndi madesibelo 8, womikisa amakwezanso thiraki yonse ndi madesibelo 8 kuti ibwerere pomwe inali. Mawu okwera abwerera pa -12 dB, koma m'mipata ya pakati pa mawu, momwe kompuresa sinagwire kanthu, phokoso lothawa lachoka pa -45 kufika pa -37 dB. Kenako womikisa akukweza mawu akuthwa ndi madesibelo 3 kuti woimbayo amveke mowala. Phokoso lothawa m'mahedifoni limakhala lakuthwa lokhalokha, kiliki ndi tizitsulo ta ng'oma, choncho nalo lakwera kufika pa -34 dB. Mpata uja wa madesibelo 33 watsala 22. Pamalo pomwe pali piyano yokha, ndiponso pomwe mayiyo akukoka liwu lomaliza n'kumalitsitsa pang'onopang'ono, kiliki ikumveka tsopano.

Nyimbo yauzimu imafuna kwaya, ndipo mayiyo akudzipolokezera yekha kasanu ndi katatu. Apa mpamene zinthu zimaipiratu. Munthu saimba chimodzimodzi kawiri, kotero mathiraki a mawu ake akawirikiza kawiri amakwera ndi madesibelo pafupifupi 3 okha, ndipo mathiraki 8 amakwera ndi 9. Kiliki yothawa ndi imodzimodzi, imagwa pamalo amodzimodzi m'thiraki iliyonse, choncho ikhoza kukwera mpaka madesibelo 6 pa kuwirikiza kulikonse, kutanthauza mpaka 18 pa mathiraki 8. Kwaya ikamakula, kiliki imakula mofulumira kuposa kwayayo.

Womikisa akhoza kudula mipata yonse ya pakati pa mawu, ndipo ambiri amatero. Chomwe sangadule ndi phokoso lomwe lili mkati mwa mawu enieniwo. Akadzagwiritsa ntchito Auto-Tune kapena Melodyne kuwongola liwu lomwe laphonya, pulogalamuyo imakoka liwulo pamodzi ndi kapiyano kothawa komwe kali pansi pake, ndipo kapiyanoko kamasemphana ndi piyano yeniyeni. Mwini nyimbo akadzasintha maganizo n'kufuna biti ina, biti yakale imakhala ikunong'onezabe kumbuyo kwa mawu.

Woimba yemweyo akavala mahedifoni otseka okhala bwino pamutu, chete uja akhoza kuonetsa, tinene, -65 dB. Akadutsa m'kompuresa ndi kukwezedwa konse kuja amafika pa -54 dB, kutali ndi pomwe khutu lingamve nyimbo ikulira. N'chifukwa chake m'chipinda chojambulira mahedifoni otseka alibe wopikisana nawo. Ngakhale atamveka moipirapo pang'ono, kuipako kumathera m'khutu la woimba, sikulowa m'nyimbo.

Lamuloli likukhudzanso wojambulayo ngati wakhala m'chipinda chomwecho. Mahedifoni ake otsekuka nawo amatayira phokoso m'maikolofoni. Komanso akamafunafuna malo abwino oika maikolofoni patsogolo pa gitala, mahedifoni otsekuka amalowetsa kulira kwa gitala yeniyeniyo, ndipo iye sangasiyanitse zomwe maikolofoni ikumva ndi zomwe zikubwera mumpweya.

Otseka nawo amadontha

Kugula mahedifoni otseka sikutseka nkhani. Mphamvu yawo yonse ili pa siponji yomwe imazungulira khutu, ndipo siponjiyo ikasiya mpata, phokoso limatuluka ndipo besi imathawa. Miyendo ya magalasi a maso, tsitsi loluka lokhuthala, duku kapena chipewa, zonsezi zimatsekula kampata. Siponji yakale yomwe idaphwa ndi kusuwa ndi thukuta imachitanso chimodzimodzi. Woimba akaona kuti besi sakuimva, amapempha kuti voliyumu ikwere, ndipo phokoso lothawa limakwera nayo. Pa mahedifoni onse omwe atchulidwa pamwambapa masiponji amasinthika, ndipo kuwasintha n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi kugula ena.

Vuto lachiwiri ndi la woimba mwini. Munthu akatseka makutu ndi zala n'kuyankhula, amadzimva mawu ake atanenepa, chifukwa amawamva kudzera m'mafupa a mutu. Mahedifoni otseka amachita zomwezo, ndipo oimba ena amasokonezeka mpaka kuphonya liwu. Ambiri amathana nazo pochotsa chigoba chimodzi pakhutu kuti azidzimva mumpweya. Izi zimathandizadi kuimba, koma chigoba chochotsedwacho chimasanduka kasipika koyang'anizana ndi maikolofoni. Wojambula akaona zimenezi azimitse mbali imeneyo, potumiza biti yonse ku khutu lomwe latsala lovala, kapena auze woimbayo kuti chigobacho achikanikize pamutu kuseri kwa khutu m'malo mochisiya chikulendewera.

Zina ndi zazing'ono koma zimapulumutsa thiraki. Kiliki yakuthwa isinthidwe n'kuika ina yofewa, yonenepa, yomwe siboola siponji. Izimitsidwe isanafike pa liwu lomaliza la nyimbo, pomwe woimba sakuifunanso. Woimba akanena kuti sakudzimva, biti itsitsidwe m'malo mokweza zonse. Ndipo mahedifoni ena omwe angosiyidwa pampando ali olumikiza azulidwe, chifukwa nawo akuimba.

Pomikisa, khutu lisanamizidwe

Woimba akapita, maikolofoni imazimitsidwa, ndipo chifukwa chotsekera chimathera pomwepo. Ntchito yotsala ndi yopanga ziganizo: besi ikwere kapena itsike, mawu a woimba akhale patsogolo motani, piyano ichepetsedwe pati. Chiganizo chilichonse chimadalira zomwe womikisa akumva, ndipo pali lamulo lomwe ambiri amalidziwa mochedwa. Chilichonse chomwe mahedifoni amawonjezera, womikisa amachichotsa m'nyimbo, ndipo chomwe amabisa, iye amachiwonjezera.

Tibwerere ku nyimbo ya mayi uja. Tinene kuti wojambula akumikisira m'mahedifoni otseka omwe amanenepetsa besi ndi madesibelo 4 cha pa 100 Hz, ndiponso amanola mawu akuthwa cha pa 8,000 Hz. Hz ndi muyeso wa kangati mpweya ukugwedezeka pa sekondi, ndipo nambala yaing'ono ndi liwu lonenepa, yaikulu ndi lakuthwa. Iye akumva besi ikuphimba mawu, choncho akuitsitsa ndi madesibelo 4 mpaka imveke bwino. Akumva "s" wa woimbayo akulasa, choncho akumufafaniza. M'makutu mwake nyimbo yakhala bwino. Pa masipika a m'tchalitchi, omwe alibe zowonjezera zija, nyimboyo ikumveka yowonda pansi ndiponso yophimbika pamwamba, ngati woimbayo ali kuseri kwa chitseko.

Mahedifoni otsekuka abwino amachepetsa bodza limeneli, makamaka pakatikati, kuyambira cha pa 200 Hz kufika cha pa 4,000 Hz. M'dera limeneli ndi momwe muli thupi la mawu a munthu, kumveka kwa zilembo, piyano, gitala ndi kiyibodi, ndipo ndi lomwe limatuluka pa wailesi yaing'ono ndi pa foni. Sennheiser HD 600 adatchuka pakati pa omikisa chifukwa cha dera lomweli. Munthu akawavala amatha kuzindikira kuti piyano ndi mawu zikulimbirana malo amodzi, kapena kuti kwaya yakwera pang'ono kuposa wotsogolera. Komanso mpweya umadutsa, makutu satentha, ndipo munthu amagwira ntchito nthawi yaitali asanatope. Khutu lotopa limapanga ziganizo zolakwika.

Komabe kutsekuka pakokha si chitsimikizo cha choonadi. Beyerdynamic DT 990 Pro ndi otsekuka, koma amadziwika kuti ndi akuthwa pamwamba, ndipo wowakhulupirira mwachimbulimbuli amatulutsa nyimbo zophimbika. Aliponso a pakatikati, monga AKG K240, omwe ndi otsekuka pang'ono. Amenewa amadontha phokoso lokwanira kuwononga thiraki ya mawu otsika, choncho pojambula ayenera kuwerengedwa ngati otsekuka.

Pomwe otsekuka amalephera

Kufooka koyamba ndi besi ya pansi penipeni. Mahedifoni ambiri otsekuka a mtundu wa HD 600 amayamba kufooka pansi pa 100 Hz, ndipo pofika pa 40 Hz amakhala atachepa moonekeratu. Chingwe chonenepa kwambiri cha gitala ya besi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz, ndipo ng'oma ya 808 ya m'nyimbo za hipihopu imakhala m'dera lomwelo. Lamulo lija likugwiranso ntchito apa, koma mobwerera: womikisa sakuimva besi, akuikweza, ndipo nyimbo ikafika pa masipika aakulu a padansi imangokhala chigumula cha besi. Mahedifoni otseka okhala bwino pamutu kawirikawiri amafika pansi kuposa apa, choncho omikisa ambiri amamanga nyimbo pa otsekuka, kenako n'kuvala otseka kwa mphindi zochepa kuti amve zomwe zikuchitika pansi.

Kufooka kwachiwiri ndi phokoso lakunja. Otsekuka amafuna chipinda cha bata. Magetsi akazima jenereta n'kuyamba kulira, kapena mvula ikamagunda pa malata, kapena chigayo cha pafupi chikamagaya, phokosolo limalowa lonse. Kulira kwa injini ndi konenepa, ndipo kumaphimba besi ya m'nyimbo, kotero womikisa amaikwezanso mopyola. Choopsa kwambiri n'chakuti amakweza voliyumu yonse kuti apose phokosolo. Bungwe la ku America loona za chitetezo cha anthu pantchito la NIOSH limalangiza kuti munthu asapyole maola 8 pa phokoso la madesibelo 85, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo 3 nthawiyo ichepe ndi theka: maola 4 pa 88, maola 2 pa 91, ola limodzi pa 94. Makutu akamalira "wii" ntchito itatha, ndiye kuti malire adapyoledwa. M'nyumba yaphokoso, mahedifoni otseka omveka pa voliyumu yotsika amapereka ziganizo zabwino kuposa otsekuka okwezedwa mpaka pamapeto.

Kufooka kwachitatu ndi mphamvu yowayendetsa. Pabokosi pamalembedwa nambala ya maomu. HD 600 ndi HD 650 ndi a maomu 300, ndipo DT 990 Pro otchuka ndi a 250, pamene MDR-7506 ndi a 63 ndipo ATH-M50x ndi a 38. A maomu ambiri amafuna mphamvu ya magetsi yokwererapo, ndipo pa laputopu kapena pa saundikhadi yaing'ono yodya magetsi a USB akhoza kumveka motsika, kapena kuyamba kusweka mawu voliyumu ikafika kumapeto. Wogula ayambe wawayesa pa chida chake, apo ayi awerengerenso ndalama ya ampu ya mahedifoni. DT 770 Pro amagulitsidwa a maomu 32, 80 ndi 250, ndipo pa situdiyo yaing'ono a 80 savuta kuyendetsa.

Zomwe onse awiri sangachite

Pali bodza limodzi lomwe mahedifoni onse amanena, otseka ndi otsekuka omwe. Munthu akakhala patsogolo pa masipika awiri, khutu lililonse limamva masipika onse. Phokoso la sipika ya kumanzere limafika ku khutu la kumanzere, kenako limazungulira mutu n'kufika ku la kumanja litachedwa pang'ono, mosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, litafookanso pang'ono. Ubongo umagwiritsa ntchito kuchedwa ndi kufooka kumeneku kuti uone oimba ali patsogolo. M'mahedifoni khutu lililonse limalandira mbali yake yokha. Chomwe chili pakati chimamveka mkati mwa mutu, ndipo chomwe chaikidwa kumbali chimamatirira pakhutu.

Zotsatira zake zimaoneka m'nyimbo ya mayi uja. M'mahedifoni, kwaya yoikidwa pang'ono kumanja ndi kumanzere imamveka yotambalala kale, choncho womikisa amaopa kuitambasula, ndipo pa masipika imamveka yopanikizana pakati. Rivebu, kaphokoso kotsalira kofanana ndi ka m'tchalitchi chachikulu, imamveka bwino kwambiri m'mahedifoni chifukwa palibe chipinda choiphimba, ndipo womikisa amatha kuika yochepa, mawu n'kudzamveka ouma panja. Otsekuka amamveka otakasuka kuposa otseka, koma phokoso lochepa lomwe limadontha kuchoka mbali ina kupita ku inzake silifanana ndi la masipika. Alipo mapulogalamu, monga CanOpener ya Goodhertz, omwe amatumiza pang'ono phokoso la mbali ina ku khutu linalo kuti atsanzire masipika, ndipo SoundID Reference ya Sonarworks imawongola kupindika kodziwika kwa mtundu uliwonse wa mahedifoni. Zonsezi zimathandiza pomvetsera, koma ziyenera kuzimitsidwa nyimbo isanatulutsidwe m'kompyuta, apo ayi kuwongolako kumalowa m'nyimbo yomwe anthu adzamve.

Wina angafunse kuti bwanji osangomikisira pa masipika. Yankho lili m'makoma. M'chipinda cha njerwa chotalika mamita 3, liwu la pafupifupi 57 Hz limagunda makoma awiri oyang'anizana n'kumadzikuza lokha. Munthu akaima pafupi ndi khoma amalimva kwambiri, akaima pakati pa chipinda limatsala pang'ono kusowa. Timasiponji topyapyala tomata pakhoma sitifika pa mawu onenepa chonchi. M'chipinda chotere mahedifoni abwino amanena zoona zambiri za besi kuposa masipika odula.

Ndalama ikakwana amodzi okha

Masitudiyo aakulu amakhala ndi mitundu yonse iwiri, otseka angapo a oimba ndi otsekuka a womikisa. Wachinyamata amene akuyamba kumene nthawi zambiri amakwanitsa amodzi, ndipo apa chisankho n'choonekeratu: ayambe ndi otseka. Ndi otseka angathe kujambula komanso kumikisa, pamene ndi otsekuka angathe kumikisa kokha. Kulakwitsa kwa pomikisa kumakonzeka mawa lake potsekulanso pulojekiti, koma kiliki yolowa m'mawu imafuna kuitananso woimba.

Kuti otseka amamikisika, umboni ulipo. Andrew Scheps, yemwe adagwirapo ntchito pa nyimbo za Adele, Red Hot Chili Peppers ndi Metallica, adanenapo poyera kuti adamikisa nyimbo zambiri pa Sony MDR-7506, mahedifoni otseka osadula omwenso amadziwika kuti ndi akuthwa. Chomwe chidamuthandiza n'chakuti adawagwiritsa ntchito zaka zambiri, ndipo ankadziwa momwe nyimbo yabwino imamvekera mkati mwake.

Kudziwa kumeneku kumaphunzirika, ndipo njira yake ndi yosavuta. Womikisa asankhe nyimbo zitatu kapena zinayi za mtundu womwe akupanga, zomwe akudziwa kuti zimamveka bwino paliponse, aziike m'pulojekiti momwemo pa thiraki yapadera. Nyimbo zomalizidwa zimakhala zokwera kwambiri, choncho azitsitse mpaka zifanane ndi yake, chifukwa khutu limakonda chilichonse chokwera ngakhale chili choipa. Kenako azisinthasintha, masekondi 10 yake, masekondi 10 ya enawo, akufunsa funso limodzi pa nthawi. Ngati besi ya nyimbo zodalirikazo ikumveka yonenepa m'mahedifoni akewo, ndiye kuti yakenso iyenera kumveka yonenepa chomwecho, asaitsitse. Ngati "s" wa oimba enawo akulasa pang'ono, kulasako n'kwa mahedifoni, ndipo wa mayi uja asiyidwe.

Nyimbo ikaoneka kuti yatha, ituluke m'mahedifoni. Aimvere pa sipika ya foni, yomwe besi ya pansi siitulutsa n'komwe, kuti aone ngati mawu a woimba ndi kugunda kwa ng'oma zikuimabe pazokha. Aimvere m'galimoto kapena pa sipika yaikulu kuti amve pansi. Adinenso batani la Mono pa thiraki yaikulu, lomwe limaphatikiza mbali ziwiri kukhala imodzi monga zimachitira mawailesi ambiri aang'ono, kuti aone ngati kwaya kapena kiyibodi sizikuzimirira. Zomwe wapeza azilembe papepala. Akaona kuti nyimbo zitatu zotsatizana zatuluka ndi besi yochepa, wadziwa kuti mahedifoni ake amanenepetsa pansi, ndipo pa nyimbo yachinayi adzasiya besi ili pamwamba pang'ono kuposa pomwe khutu likumuuza. Ndalama ina ikadzapezeka, agule otsekuka a womikisa, ndipo otseka aja awaikire masiponji atsopano n'kuwapachika pafupi ndi maikolofoni kuti azivala oimba.